"Mungosintha tsiku lokha": uthenga wopita kwa wokonza posita

Tiyerekeze kwaya ya pampingo yomwe ikukhazikitsa chimbale chake. Posita inakonzedwa kale, komiti inaivomereza, ndipo pamwamba pake palembedwa kuti "Loweruka, 1 Ogasiti 2026". Kenako eni holo akuti tsikulo analipereka kale kwa aukwati, ndiye mwambo wasunthidwira pa 13 Seputembala. Mlembi wa kwaya akutenga foni ndi kulembera mnyamata amene anakonza positayo: "Achimwene, mungosintha tsiku lokha, muike 13." Kwa mlembiyo nkhani yatha. Koma kwa wokonza posita, amene ambiri amangomutchula kuti dizayina, uthengawu wabweretsa mafunso ambiri kuposa mayankho. 13 wa mwezi uti? Pa posita iti, poti anakonza zitatu, ya pakhoma, ya pa WhatsApp ndi ya pa chinsalu chachikulu cha pakhomo la holo? Nanga mawu oti Loweruka akhale momwemo?

Funso lomalizali ndi limene limagwetsa anthu ambiri. Pa 1 Ogasiti 2026 ndi Loweruka, koma pa 13 Seputembala 2026 ndi Lamulungu. Dizayina akachita ndendende zomwe wauzidwa, posita ituluka ikunena kuti "Loweruka, 13 Seputembala", tsiku lomwe kulibe pa kalendala ya chaka chimenecho. Ena adzabwera Loweruka pa 12, ena Lamulungu pa 13, ndipo mlandu udzagwera mnyamata amene anangomvera. Kutsegula kalendala ndi udindo wa wotumiza uthenga, chifukwa iye ndi amene akudziwa za mwambowo. Dizayina ali ndi ntchito za anthu ambiri pakompyuta yake, sangasunge m'mutu kuti kwaya yanu inagwirizana zotani.

Ndipo tsiku likasuntha silipita lokha, limakoka zinzake. Posita yakaleyo inkati mwambo uyamba 10 koloko m'mawa. Loweruka zinali bwino, koma Lamulungu nthawi imeneyo oimbawo ndi omvera awo amakhala ali m'tchalitchi. M'munsi mwa positayo munali timawu toti matikiti otsika mtengo atha pa 25 Julaye, tsiku lomwe linasankhidwa chifukwa linali sabata imodzi mwambo usanachitike. Panalinso dzina la gulu loitanidwa, lomwe mwina pa tsiku latsopanoli lili ndi kwina kopita. Choncho musanalembe kuti "tsiku lokha", werengani posita yonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, mzere ndi mzere, mukudzifunsa ngati mzere uliwonse ukadali woona pa tsiku latsopanolo. Mukapeza kuti nthawi nayo iyenera kusintha, bwererani kukomiti kaye. Kutumiza zosintha imodziimodzi, lero tsiku, mawa nthawi, mkuja matikiti, ndi kumene kumatopetsa dizayina ndi kubala mafayilo ambirimbiri ofanana, mpaka wina n'kutumiza lolakwika kosindikiza.

Tinene kuti komiti yakumana. Yagwirizana kuti nthawi isinthe, mzere wa matikiti ukhale momwemo chifukwa mtengo wotsikawo sauonjezera masiku, ndipo oitanidwa atsimikiza kuti abwera. Uthenga wabwino ungamveke chonchi:

"Mwaswera bwanji achimwene? Mwambo wa kwaya wasunthidwa. Pa posita yomaliza ija, yomwe ndaikanso pansipa, pomwe palembedwa kuti Loweruka, 1 Ogasiti 2026 palembedwe kuti Lamulungu, 13 Seputembala 2026. Pomwe pali 10:00 m'mawa pakhale 2:00 masana. Zina zonse zikhale momwe zilili, zithunzi, mitundu, mitengo, ndi mzere wa matikiti womwe. Musinthe pa zonse zitatu, ya A3, ya pa WhatsApp ndi ya chinsalu. Ya A3 ndikuifuna ngati PDF pofika Lachinayi masana, chifukwa Lachisanu ikupita kosindikiza. Ngati pali kangachepe kolipira mundiuze musanayambe. Zikomo kwambiri."

Mphamvu ya uthengawu ili pa kuika mawu akale ndi atsopano pamodzi. Mawu akale amamuonetsa dizayina malo enieni oti agwire, ndipo atsopano amatha kuwakopera momwe alili n'kuwamata, osalembanso ndi dzanja lake. Pachifukwa chomwecho tsiku lisatumizidwe pa uthenga wa mawu ojambula. Pafoni, makamaka pamalo aphokoso, 13 ndi 30 zotchulidwa m'Chingerezi zimamveka pafupifupi chimodzimodzi, ndipo mawu omvera sungawakopere. Ngati mwakambirana pakamwa, tsatizani ndi uthenga wolemba. Mwezi nawo ulembedwe ndi dzina lake. Munthu akalemba 05/06, kwathu kuno ambiri awerenga kuti 5 Juni, koma mapulogalamu ndi mafomu otsatira kalembedwe ka ku America amawerenga kuti 6 Meyi.

Mzere woti "zina zonse zikhale momwe zilili" usaoneke ngati mwano. Munthu waluso akatsegulanso ntchito yake amaona pena poti akadakonza bwino, ndipo dzanja limayabwa. Koma posita imene komiti inavomereza ndi imene ija, ndipo anthu amene anaiona kale ayenera kuizindikira msanga kuti ndi ya mwambo womwewuja. Kutchula mzere wa matikiti mwapadera kumathandizanso, chifukwa dizayina wosamala akanaona 25 Julaye n'kuganiza kuti mwaiwala.

Tsopano tione mbali ya dizayinayo, chifukwa apa ndi pamene pamabuka mikangano yoti "kantchito ka mphindi ziwiri kakutengerani tsiku lonse bwanji?" Posita imakhala m'mitundu iwiri. Pali fayilo logwirira ntchito, monga la PSD la Photoshop, la AI la Illustrator kapena la CDR la CorelDRAW, momwe chithunzi, mtundu wakumbuyo ndi mawu zimakhala zosanjikizana koma chilichonse pachokha. Pamenepo dizayina amadina pa tsiku, n'kufufuta, n'kulemba lina, osakhudza china chilichonse. Ndiye pali fayilo lomwe inu munalandira, la JPG kapena PNG, momwe zonsezo zinaphatikizidwa kukhala chithunzi chimodzi. M'fayilo lotere mulibenso mawu oti n'kufufuta, muli timadontho ta mitundu tokha. Kusintha tsiku pamenepo n'kupaka pamwamba pa lakale ndi kuyesa kubwezeretsa zomwe zinali kumbuyo kwake. Ngati kumbuyoko kuli mtundu umodzi, zimatheka bwino. Ngati tsikulo linakhala pamwamba pa chithunzi cha oimba atavala yunifolomu ya chitenje, chigambacho chimaoneka.

N'chifukwa chake funso loyamba kwa dizayina likhale lakuti fayilo logwirira ntchito akadali nalo kapena ayi. Ngati amene anakonza positayo sakupezeka ndipo mukupita kwa wina, mupempheni woyambayo fayilo limenelo pamodzi ndi dzina la mtundu wa zilembo, womwe amautcha fonti. Popanda fontiyo pakompyuta ya munthu wachiwiriyu, pulogalamu imaika ina m'malo mwake, ndipo tsiku latsopano limaoneka lachilendo pakati pa mawu ena onse. Ngakhale PDF sikuti imapulumutsa nthawi zonse. Kawirikawiri imanyamula zilembo zokhazo zomwe zinagwiritsidwa ntchito, moti ngati pa posita yakale panalibe nambala 3 mu fonti imeneyo, 13 sangalembeke bwino. Komanso ambiri asanatumize ntchito kosindikiza amasandutsa mawu kukhala zojambula, lamulo lomwe mu CorelDRAW limalembedwa kuti Convert to Curves ndipo mu Illustrator Create Outlines. Zikatero mawuwo amaoneka bwinobwino koma salembekanso.

Palinso nkhani ya malo. "Ogasiti" ali ndi zilembo 7, "Seputembala" ali ndi 11. "Lamulungu" ndi wotalikirapo kuposa "Loweruka", ndipo 13 ndi wotambalala kuposa 1. Bokosi lomwe linakwanira tsiku lakale silikwanira latsopanoli. Dizayina ayenera kusankha pakati pa kuchepetsa zilembo, kudula mzere pawiri, kufupikitsa dzina la mwezi, kapena kukulitsa bokosi n'kukankha zoyandikana nalo. Ine ndimaona kuti kuchepetsa zilembo ndiye njira yoipa kwambiri mwa zonsezi, chifukwa tsiku ndi chinthu chomwe munthu wodutsa pa minibasi ayenera kuchigwira ndi diso limodzi, ndipo pano ndi lomwe lasintha. Dizayina akakufunsani kuti asunthe pang'ono mzere wa malo kuti tsiku likwane, sanaphwanye pempho lanu. Muloleni, koma akuonetseni kaye.

Ntchito ikabwera, musangoyang'ana pa tsiku n'kuyankha kuti zili bwino. Ikani yakale ndi yatsopano pambali, muyerekeze ngodya ndi ngodya. Cholakwika chofala n'chakuti dizayina anatsegula fayilo lakale, la nthawi imene komiti inali isanakonze dzina la mlendo wolemekezeka kapena nambala ya foni, ndiye tsiku lakonzeka koma cholakwika chomwe munachotsa kale chabwerera. Apa ndi pomwe kuika posita yomaliza pansi pa uthenga wanu kumagwira ntchito. Ngati pali QR code, iyeseni ndi foni, muone ngati tsamba lomwe ikutsegula silikunenabe za 1 Ogasiti. Ndipo patsani munthu wina amene sanali m'komiti awerenge mokweza, chifukwa diso lomwe likudziwa kale zoyenera kukhalapo limawerenga zomwe likuyembekeza.

Fayilo lopita kosindikiza lipemphedwe kuti libwere pa WhatsApp ngati Document, osati ngati chithunzi wamba. Chithunzi wamba chimachepetsedwa kuti chipepuke, ndipo pafoni simungaone kusiyana, koma pa pepala la A3, lomwe ndi mamilimita 297 ndi 420, m'mphepete mwa zilembo mumaoneka mano. Dzina la fayilolo likhale ndi tsiku latsopano, monga kwaya_A3_13Sept.pdf, kuti wopita nalo kosindikiza asasokoneze ndi lakale.

Chotsala ndi posita yakale ija, yomwe ikadali m'mafoni a anthu ndi pa makoma. Yatsopano imafanana nayo kwambiri moti ambiri akailandira amaganiza kuti ndi yomweija, n'kuidutsa. Ena amathetsa izi popempha kachizindikiro koti "TSIKU LASINTHA" pakona. Ndi nzeru yabwino, koma kumeneko ndi kusintha kwachiwiri kofuna malo ake, ndiye kulowe mu uthenga woyamba uja, osati kubwera ntchito itatha. Pa zomatidwa kale pakhoma, sikuti zonse zisindikizidwenso. Mupempheni dizayina akonze kachidutswa ka tsiku latsopano, ka muyeso ndi mtundu wa bokosi lakale, angapo pa pepala limodzi, kuti anyamata a kwaya adule ndi kumata pamwamba pa tsiku lakale. Kakhale kokulirapo pang'ono mbali zonse kuti mawu akale asasuzumire m'mphepete, ndipo pa mapepala oyera opyapyala muyese kamodzi kaye, chifukwa zilembo zakuda zapansi zimatha kuonekera.