Logo imodzi pa kalata ndi pa chikwangwani: fayilo yoyenera ndi iti?

Titenge chitsanzo cha mwini shopu ya zipangizo zomangira nyumba. Logo yake ili m'foni, ngati chithunzi cha JPG chomwe wojambula anamutumizira pa WhatsApp. Pamwamba pa makalata ndi malisiti imaoneka bwino zedi. Akaipereka kwa opanga zikwangwani kuti aikulitse, zilembo zimatuluka zamanomano m'mphepete, ngati sanaikane kumene. Wosindikizayo sanalakwe, vuto lili pa mtundu wa fayilo.

Mafayilo a zithunzi ali m'magulu awiri. Gulu loyamba, la rasita, ndi la JPG ndi PNG. Chithunzi chotere chili ngati mikanda yolukidwa m'mizere: ndi timadontho tamitundu totchedwa mapikiselo, ndipo chiwerengero chake sichisintha. Mukachikulitsa, timadontho tomweto timangofufuma. Gulu lachiwiri, la vekita, ndi la SVG, EPS, AI ndi CDR. Fayilo ya vekita sisunga timadontho, imasunga malangizo akuti mzere uyambire apa, ukhote chonchi, mkati mwake mukhale mofiira. Kompyuta imajambulanso logoyo pa ukulu uliwonse womwe mwapempha, choncho m'mphepete mumakhala mosalala nthawi zonse.

Tinene kuti logo ya shopu ija ili ndi timadontho 600 m'lifupi. Pa kalata ikutenga masentimita 5, kutanthauza kuti pa sentimita iliyonse pali timadontho 120. Apa zakwana, chifukwa osindikiza amafuna timadontho pafupifupi 300 pa inchi, komwe ndi 118 pa sentimita. Tsopano ikani logo yomweyo pa chikwangwani, m'lifupi mwake ikhale masentimita 120. Pa sentimita patsala timadontho 5 tokha, kadontho kalikonse kakula kufika mamilimita 2. Woyang'ana ali tsidya la msewu mwina sangaone kanthu, koma kasitomala woima pakhomo aona timasitepe pa chilembo chilichonse chokhota.

Pali chifukwa china chachikulu kuposa maonekedwe. Zikwangwani zambiri amazipanga ndi zilembo zodulidwa pa sitika n'kumata pa chitsulo kapena pa galasi. Makina odulawo ali ndi kampeni kamene kamatsata mzere. Mu JPG mulibe mzere woti katsate, muli timadontho basi. Wopanga chikwangwani amakakamizika kujambulanso logoyo, akulipiritseni, ndipo kawirikawiri zilembo zake zimasiyana pang'ono ndi za pa kalata.

Nanga pa kalata? Ngati makalatawo akusindikizidwa ambiri ku kampani yosindikiza, apatseni vekita yomweyo. Ngati mlembi wa mu ofesi amaika yekha logo mu Word, PNG ndi yomwe sivuta. Ipangidwe kuchokera ku vekita, ikhale ndi timadontho 600 kapena kuposa pa masentimita 5 aja, ndipo kumbuyo kwake kukhale kopanda mtundu. JPG singathe zimenezi, n'chifukwa chake logo imaoneka itazunguliridwa ndi bokosi loyera ikaikidwa pa pepala lamtundu.

Chomwe chimasokoneza ambiri ndi PDF. Mu PDF mutha kukhala vekita, muthanso kukhala JPG yongolowetsedwamo, ndipo dzina la fayilo silingakuuzeni. Itsegulireni pa kompyuta, muikulitse mpaka 800% n'kuyang'ana m'mphepete mwa chilembo ngati S. Mukakhala mosalala, ndi vekita. Mukaoneka timabokosi kapena chimbuuzi, ndi rasita.

Kuchoka ku vekita kupita ku PNG ndi ntchito ya mphindi imodzi. Kubwerera ndiye kovuta. Inkscape, pulogalamu yaulere, ili ndi Trace Bitmap, ndipo CorelDRAW ili ndi PowerTRACE, zomwe zimayesa kutsata mphepete mwa chithunzi. Pa logo yaing'ono yodutsira pa WhatsApp, yomwe imapanikiza zithunzi, makona amatuluka obulungira ndipo zilembo zimapindika. Ine ndimaona kuti ndi bwino kulipira wojambula kamodzi, aijambulenso ndi dzanja molondola.

Polandira ntchito kwa wojambula, musakhutire ndi chithunzi cha m'foni. Pemphani fayilo yeniyeni yomwe anajambuliramo, CDR kapena AI, kuphatikizapo PDF kapena SVG ya vekita. Muuzeni asandutse zilembo kukhala mizere, zomwe mu CorelDRAW ndi Convert to Curves, mu Illustrator ndi Create Outlines. Akapanda kutero, kompyuta ya wosindikiza yomwe ilibe mtundu wa zilembozo imaikapo zina, dzina la shopu n'kusintha maonekedwe. Ndipo PNG mukamaitumiza pa WhatsApp, sankhani Document, kuti ifike timadontho take tonse tili momwemo.