Buluku la bambo anu labwereranji?

Onani zithunzi zakale: mabuluku otambasuka kumapazi adatchuka m'ma 1970, nabwerera chakumapeto kwa ma 1990. Kenako kudabwera majinzi othina, ndipo m'ma 2020 muno otakasuka aja abweranso.

Ine ndimakonda kuyerekeza zimenezi ndi pendulamu ya m'kalasi mwathu. Miyendo ya buluku ingathe kukula kapena kuthina basi. Ikathina mpaka mapeto, kolowera kwatsala kumodzi, kubwerera.

Nanga zaka 20 zikuchokera kuti? Ndi nthawi yoti mwana abadwe n'kukula. Chovala chimene makolo anu adatopa nacho, inu simunachivalepo, ndiye kwa inu ndi chatsopano. Komanso amene adachisirira ali ana, pano ndiwo akujambula zovala m'makampani.

Paja mukudziwa kuti chingwe chikafupika, pendulamu imayenda mofulumira. Timafashoni ta masiku ano tafupikitsa chingwecho. Sitayilo ikaoneka pa TikTok, mafakitale amaisoka m'masabata ochepa, aliyense n'kuivala, ndipo pakatha miyezi ingapo yatopetsa kale.

Koma chenjerani, 20 si lamulo la fizikisi. Pendulamu imabwezedwa ndi mphamvu yokokera pansi, pomwe fashoni imabwezedwa ndi kutopa kwa anthu, ndipo kutopa kulibe fomula.