VPN pa wayifayi ya pabwalo la ndege: imateteza pati, imalekera pati?

Mu Epulo 2024, ogwira ntchito m'ndege ina ku Australia anaona netiweki ya wayifayi yokayikitsa ndege ili m'mwamba, ndipo anadziwitsa apolisi. Apolisi atagwira bambo wina wazaka 42, anamuimba mlandu woti ankayenda ndi kachipangizo kofalitsa wayifayi yaulere ya dzina lofanana ndi netiweki zenizeni, m'ndege komanso m'mabwalo a ndege a Perth, Melbourne ndi Adelaide. Munthu akalumikiza foni, pankatuluka tsamba lomupempha kuti alowe ndi imelo kapena akaunti yake ya pamasamba a mchezo. Zimene walembazo zinkapita kwa mwini kachipangizoko.

Ambiri akamva nkhani yotere amati, "Akanakhala ndi VPN." Koma VPN sikanawapulumutsa, ndipo chifukwa chake chili m'mene imagwirira ntchito.

Mukalumikiza foni ku wayifayi ya pa lesitilanti kapena ya pabwalo la ndege, zonse zimene foniyo ikutumiza zimadutsa pa makina a mwini netiwekiyo. Kale zimenezi zinali zoopsa kwambiri. Mu 2010, Eric Butler anatulutsa kapulogalamu kotchedwa Firesheep, kamene kankalola munthu wokhala patebulo loyandikana nanu kulowa mu Facebook yanu popanda kudziwa pasiwedi. Masiku ano pafupifupi masamba onse akuluakulu, kuphatikizapo a mabanki, amabisa okha uthenga ndi HTTPS. Choncho mwini wayifayi sangawerenge zimene mukulemba, koma kawirikawiri amatha kuona dzina la tsamba lomwe mwatsegula, nthawi yake, ndi kuchuluka kwa data.

Apa ndi pamene VPN imathandiza. Imakulunga zonse zotuluka m'foni n'kuzitumiza ku seva ya kampani ya VPN, ndipo sevayo ndi imene imazipititsa kumene zikupita. Zili ngati kutumiza katundu wokhoma m'sutikesi pa basi: kondakitala akuona sutikesi, sakudziwa zili m'kati. Mwini wayifayi amangoona kuti mukulankhula ndi seva imodzi basi. Sangadziwe masamba amene mukutsegula, ndipo n'kovuta kuti akusocheretseni ku tsamba lina. Kwa amene wanyamula laputopu ya kuntchito, yodzaza mapulogalamu akale omwe sabisa uthenga bwino, chitetezo chimenechi n'chenicheni.

Tsono tibwerere ku Australia. Wayifayi yambiri ya m'malo a anthu onse siikupatsani intaneti mpaka mutadutsa tsamba lolowera lija, lovomereza malamulo kapena lolembapo imelo. VPN nayo singalumikize ku seva yake intaneti isanatseguke. Ndiye kuti pa mphindi yomwe wakubayo akukufunsani pasiwedi, VPN imakhala isanayambe n'komwe ntchito. Ndipo ngakhale itayamba, mukalemba nokha pasiwedi pa tsamba labodza, idzangoinyamula bwinobwino n'kukaipereka kwa wakubayo. Kaloko ka HTTPS nakonso sikatsimikizira kuti tsamba ndi la anthu oona. Akuba amatha kukapeza kwaulere.

Chizindikiro chake n'chosavuta. Netiweki yeniyeni ingakufunseni dzina, nambala ya foni kapena adiresi ya imelo, koma ilibe chifukwa chofunira pasiwedi ya Gmail kapena Facebook yanu. Ikafunsa, chokanipo. Mukaona mayina awiri ofanana pamndandanda, funsani wogwira ntchito pamalopo kuti lenileni ndi liti. Mukamaliza, uzani foni iiwale netiwekiyo (pa mafoni ambiri pamalembedwa `Forget`), chifukwa foni imakonda kulumikiza yokha ikakumananso ndi dzina lomwe ikulidziwa, kaya walifalitsa ndani.

Vuto lina ndi lakuti wayifayi ya pamalo odzaza anthu imadukaduka. VPN ikaduka, foni imapitiriza kutumiza zinthu poyera osakuuzani, pokhapokha mutatsegula chotchedwa `kill switch`. Pa Android, pitani pa makonzedwe a VPN mutsegule `Always-on VPN` ndi `Block connections without VPN`. Dziwani kuti zikatere tsamba lolowera lija lingakane kutseguka, ndipo mungafunike kuzimitsa kaye, kulowa, n'kuyatsanso musanatsegule china chilichonse.

Komanso zimene mwabisira mwini lesitilanti, kampani ya VPN ikuziona. Onavo, VPN yaulere ya Facebook, inachotsedwa pa App Store mu 2018 chifukwa chosonkhanitsa zambiri za momwe anthu amagwiritsira ntchito mafoni awo. Seva zimadya ndalama, ndiye VPN ikakhala yaulere ndi bwino kufunsa kuti akulipira ndani.

Ine ndikafuna kutumiza ndalama ndili pabwalo la ndege, ndimazimitsa wayifayi n'kugwiritsa ntchito bandulo ya pa simu. Mukakhala kunja kwa dziko, monga podikira ndege ina ku Joni kapena ku Addis Ababa kumene simu yakwanu ndi yodula, lowani pa wayifayi, yatsani VPN, dikirani ionetse kuti yalumikiza, kenako tsegulani apu ya banki yeniyeniyo osati linki imene yabwera pa uthenga.