Zimene zinachitikira LinkedIn: SHA payokha siteteza mapasiwedi

Mu Juni 2012, mndandanda wa mapasiwedi pafupifupi 6.5 miliyoni a anthu a pa LinkedIn unatulutsidwa poyera ndi akuba. Kampaniyi sinkawasunga monga mmene eniake anawalembera. Inkawadutsitsa kaye mu SHA-1, masamu amene amasandutsa mawu kukhala mzere wa zilembo ndi manambala wotchedwa hashi, umene sungabwezedwenso ku mawu oyambawo. Komabe patangopita masiku ochepa, ambiri anali atadziwika.

Wakuba savutika n'kubweza hashi, amangolosera. Akalemba 123456 n'kuidutsitsa mu SHA-1, imatuluka hashi yoyamba ndi 7c4a8d09, lero, mawa, pa kompyuta iliyonse. Akaipeza pamndandanda, ndiye kuti wagwira onse amene anasankha pasiwedi imeneyo nthawi imodzi. Vuto lalikulu kwambiri ndi liwiro. SHA inapangidwa kuti izithamanga potsimikizira mafayilo, moti kachipangizo kamodzi ka zithunzi, konga ka osewera magemu, kamayesa mawu mabiliyoni pa sekondi. Kusamukira ku SHA-256 sikuthandiza kwenikweni, nayonso ndi yaliwiro.

Niels Provos ndi David Mazières anatulutsa bcrypt mu 1999, ndipo anaipanga yochedwa mwadala. Isanayambe kuwerengera, imasakaniza pasiwedi ndi mchere, womwe ndi mabaiti 16 osankhidwa mwachisawawa, atsopano kwa munthu aliyense. Anthu awiri a 123456 amakhala ndi mahashi osiyana, choncho wakuba ayenera kulimbana ndi mmodzimmodzi. Pa Python zimalembedwa chonchi:

```python
import bcrypt
h = bcrypt.hashpw(pw.encode(), bcrypt.gensalt(rounds=12))
bcrypt.checkpw(pw.encode(), h)
```

Chimene chimasungidwa ndi h yekha, mzere wa zilembo 60 woyamba ndi `$2b$12$`. Mchere uli momwemo, pa zilembo 22 zotsatira, ndipo si chinsinsi ayi. Munthu akamalowa, `checkpw` imawerenga mcherewo, n'kubwereza masamuwo ndi pasiwedi imene walemba, kenako n'kuyerekeza. Amene amapanga hashi yatsopano ndi mchere wina kuti ayerekeze okha amadabwa kuona aliyense akukanidwa.

Nambala 12 ija ndiyo imalamula kuchedwa, ndipo mukawonjezera 1 ntchito imawirikiza kawiri. Pa makompyuta ambiri, 12 imatenga pafupifupi kota ya sekondi. Wolowa kamodzi sazindikira n'komwe, koma woyesa mawu mamiliyoni pa akaunti iliyonse zimamuthera masiku. Ndibwino kuyeza nthawiyi pa seva yanu, n'kumaikweza makina akamakula mphamvu.

Malire alipo. bcrypt imawerenga mabaiti 72 oyamba okha, ndipo mapulogalamu ena amadula otsalawo mwakachetechete. Pasiwedi yofooka ngati 123456 nayo idzagwidwabe, popeza ndi imene wakuba amayambira. Ngati munasunga kale mahashi a SHA, munthu akalowa bwinobwino pangani hashi ya bcrypt pomwepo n'kufufuta yakaleyo. Amene atenga nthawi yaitali osalowa, auzeni asankhe pasiwedi ina.