Musapente pa chithunzi chenichenicho

Mayi wina anabwera ku situdiyo kwathu ndi chithunzi cha tsiku la chinkhoswe cha mwana wake. Chinali chokongola ndithu, koma panali zitatu zimene sizinamusangalatse. Waya wamagetsi unadutsa chapamwamba pa mitu ya anthu. Kumbuyo kwa akuchikazi kunaima bambo wina wa chipewa amene mayiyo anati sakumudziwa. Ndipo agogo a mtsikanayo, omwe tsikulo anali chigonere kunyumba, panalibe. Anapempha kuti ndichotse waya ndi bamboyo, kenako nditenge agogo pa chithunzi china ndiwaike pampando wakutsogolo.

Ndinagwira ntchitoyo madzulo onse, tinasindikiza, mayi uja anapita akumwetulira. Patatha masiku asanu anabweranso nkhope ili gwaa. "Achimwene, mwandipalamulitsa. Bambo uja ndi malume ake a mkamwini. Akuchimuna akuti tawanyoza. Muwabwezeretsepo, koma agogo ndi waya musakhudze."

Zikanakhala zaka zimene ndinkangoyamba ntchitoyi, ndikanagwira njakata, chifukwa nthawi imeneyo ndinkapenta pa chithunzi chenichenicho. Tsiku limenelo ndinangotsegula fayilo, n'kudina kachizindikiro kamodzi, malume aja n'kuimanso pamalo pawo, chipewa chili kumutu. Mphindi imodzi sinakwane. Chimene chinandipulumutsa ndi chizolowezi chimodzi: chilichonse chimene ndachotsa chimakhala pa leya yakeyake, chilichonse chimene ndawonjezera chimakhalanso pa yake, ndipo chithunzi choyambiriracho sindichikhudza n'komwe.

Leya muiganizire ngati pepala la pulasitiki loonekera mkati limene mwayala pamwamba pa chithunzi. Mukalemba pa pulasitikiyo, woyang'ana amaona ngati mwalemba pa chithunzicho, koma mukaichotsa, chithunzi chili bwinobwino monga chinalili. Mukhoza kusanjikiza mapepala otere ambiri, ndipo lapamwamba limaphimba la pansi pokhapokha pamene palembedwa kanthu. Pulogalamu ya Photoshop inayamba kukhala ndi maleya mu 1994, ndipo lero GIMP, yomwe ndi yaulere, ilinso nawo.

Ena amati, nanga si pali Ctrl+Z? Ilipodi, koma ili ndi malire awiri. Photoshop imakumbukira masitepe 50 okha ngati simunasinthe makonzedwe ake, ndipo kudina kulikonse kwa burashi ndi sitepe imodzi. Pofufuta munthu mmodzi mukhoza kudina kambirimbiri kuposa pamenepo. Komanso mndandanda wa `History` umafa mukangotseka fayilo. Choipa kwambiri n'chakuti Ctrl+Z imabwerera m'mbuyo motsatira ndondomeko. Ngati ndinayamba ndi kuchotsa malume, kenako n'kuika agogo, ndiye kuti pofuna kubweza malume ndiyenera kugumula kaye ntchito yonse ya agogo. Maleya salabadira kuti chinayamba n'chiti. Chilichonse chili ndi swichi yake.

Tiyeni tione mmene ndinachitira ndi chithunzi cha chinkhoswe chija. Nditachitsegula, leya yapansi yotchedwa `Background` ndinaisiya yokhoma. Ndinapanga leya yatsopano yopanda kanthu ndi Ctrl+Shift+N, n'kuipatsa dzina loti "chotsa waya". Dzina ndi lofunika. Fayilo yodzaza ndi `Layer 1`, `Layer 2` mpaka `Layer 14` imakusokonezani ngakhale inu mwini wake pakapita sabata.

Apa m'pamene ongoyamba ambiri amakodwa. Pa kompyuta, kuchotsa waya si kufufuta. Mukafufuta pamatsala bowo, chifukwa kuseri kwa waya kulibe thambo lililonse limene kamera inajambula. Chimene mumachita ndi kumata chigamba: mumatenga kachidutswa ka thambo la pafupi n'kukaphimba nako wayayo. Zida zake ndi `Clone Stamp` ndi `Spot Healing Brush`. Koma mukaziyesa pa leya yopanda kanthu, poyamba palibe chimachitika, chifukwa chidacho chimafuna kutenga chigamba pa leya imene muli, yomwe ilibe kalikonse. Muyenera kuchiuza kuti chizitenga pansi. Pa `Clone Stamp`, pamzere wapamwamba pali mawu akuti `Sample`, sankhani `Current & Below`. Pa `Spot Healing Brush` chongani `Sample All Layers`. Mu GIMP mawu ake ndi `Sample merged`. Mukatero, chidacho chimawerenga chithunzi chapansi koma n'kumalemba zigambazo pa pulasitiki yanu. Waya akadalipo pansipo, wangophimbidwa.

Malume ndinawapangira leya yachiwiri, "chotsa bambo wa chipewa". Ndikanatha kuwaphatikiza ndi waya pa leya imodzi, poti zonse n'zochotsa, ndipo masiku otopa mtima umafunadi kutero. Koma ndikanatero, kubweza malume kukanabwezanso waya. Muyezo wanga ndi uwu: zinthu ziwiri zimene kasitomala angasinthe maganizo pa chimodzi osati chinzake, zisagone pa leya imodzi. Timadontho ta fumbi makumi awiri tikhoza kukhala pamodzi, palibe adzabwere kudzapempha kadontho kamodzi. Koma munthu aliyense, chikwangwani chilichonse, galimoto iliyonse, payokha.

Tsopano agogo. Ndinabweretsa chithunzi chawo chonse, ndi khonde limene anakhalapo lomwe, n'kuchiika pa leya yapamwamba pa zochotsa zija. Chiyeso chachikulu pano ndi `Eraser`. Imaoneka yofulumira, koma imene yadya yadya. Mukapsatira pang'ono mpango wa kumutu kapena chala, n'kuzindikira mawa, palibe kochitenga. M'malo mwake ndinaika masiki, imene pa sikirini imatchedwa `Layer Mask`. Masiki imagwira ntchito ndi mitundu iwiri: pamene mwapaka chakuda pamabisika, pamene mwapaka choyera pamaoneka. Ndinapaka chakuda pa khonde lonse, agogo okha n'kutsala. Nditaona kuti ndadula nsonga ya ndodo yawo, ndinangotembenuza burashi kukhala yoyera, ndodo n'kumeranso. Khonde lija silinapite kulikonse. Mukagwira Shift n'kudina pa masikiyo, lonse limaonekeranso.

Munthu womatidwa pa chithunzi amadziwika ndi zinthu ziwiri: alibe mthunzi, ndipo kuwala kwake n'kosiyana ndi kwa anzake. Mthunzi ndinaujambula pa leya inanso, pansi pa agogo koma pamwamba pa zochotsa, ndi burashi yofewa yakuda, kenako n'kutsitsa `Opacity` mpaka unafanana ndi mithunzi ya ena. Popeza chithunzi cha agogo chinajambulidwa pamthunzi ndipo chinali chakuderapo, ndinaika leya ya `Curves` pamwamba pawo n'kuimangirira kwa iwo okha ndi Ctrl+Alt+G, kuti kuwalitsako kusafike kwa anthu ena onse. Pomaliza, kuchokera pansi kupita pamwamba, zinasanjikizana chonchi: chithunzi choyambirira, waya, malume, mthunzi, agogo, kuwala kwa agogo.

Kasanjidwe kameneka sikangokhala ka maonekedwe. Zochotsa zimakhala pansi chifukwa zigamba zake ziyenera kutengedwa pa chithunzi choyambirira chokha. Ndinaphunzira izi movutikira pa ntchito ina. Ndinali nditaika kale maluwa pa leya yapamwamba, kenako ndinabwerera kukakonza khoma ndi chida chimene chinali pa `All Layers`. Chidacho chinkatenga zonse zooneka, maluwa omwe, n'kumazisindikiza m'zigamba za khoma. Pa nthawiyo sizinaoneke, poti maluwa enieniwo ankaphimba. Kasitomala atakana maluwawo, ndinawazimitsa, n'kupeza timasamba tofiira tatsalira m'khoma ngati zipsera. Ndiye mukabwerera kukakonza zapansi ndi chida chimene chimawerenga maleya onse, yambani mwazimitsa zowonjezera zonse.

Vuto lina lofanana nalo limabwera ndi mitundu. Mukamata zigamba leya yosintha kuwala ili yoyaka, ndipo chida chanu chikuwerenga maleya onse, chigambacho chimatenga mtundu wosinthidwa kale, kenako leya ija n'kuchisinthanso kachiwiri. Chizindikiro chake ndi mabala owala kapena akuda kuposa malo ozungulira, ooneka ngati pamene padontha mafuta pa nsalu. Zimachitikanso mukasintha kuwala kwa chithunzi chapansi mutamata kale: chithunzi chimasintha, zigamba n'kutsala ndi mtundu wakale. N'chifukwa chake kusintha kuwala kwa chithunzi chonse kumayenera kukhala pamwamba pa mulu, kuti kugwire chithunzi ndi zigamba zake limodzi.

Pali njira yosavuta yodziyesera ngati mwagwira bwino. Gwirani Alt n'kudina kadiso ka leya yapansi. Maleya ena onse amazima. Chimene mukuona chiyenera kukhala chithunzi monga chinabwerera, waya, malume ndi zonse. Ngati pali chimene chasowa, ndiye kuti pena pake munapenta pa leya yolakwika, zomwe zimachitikira aliyense dzanja likathamanga. Chitaninso chimodzimodzi pa leya ya zochotsa: muyenera kuona timagamba tokha tili mbalambanda, popanda chidutswa cha chinthu chowonjezedwa.

Ena amakonda kungokopa chithunzi chonse ndi Ctrl+J n'kumagwira pa kopeyo. N'zabwinoko kusiyana ndi kuwononga choyambirira, koma zosintha zonse zimakhalabe zophatikizana pa kope imodziyo, ndipo fayilo imalemera. Chithunzi cha mapikiselo 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi chimatenga pafupifupi mamegabaiti 72 chikatsegulidwa, ndipo kope iliyonse imawonjezera ena otero. Leya yopanda kanthu yokhala ndi zigamba zochepa imalemera pang'ono chabe. Pa makompyuta okalamba amene ambirife timagwiritsa ntchito, kusiyanako kumamveka.

Ntchito yonseyi ikhoza kupita m'madzi pa mphindi yosunga. JPEG sisunga maleya. Imaphwatalala zonse kukhala chithunzi chimodzi. Ndiye pamafunika mafayilo awiri. Ya ntchito muisunge ngati PSD, kapena XCF ngati muli pa GIMP, maleya onse ali momwemo. Ya kasitomala, yosindikiza kapena yotumiza pa foni, ndiyo JPEG. Musadine `Flatten Image` kapena `Merge Down` pa fayilo ya ntchito n'kusunga, chifukwa mukatseka basi kwatha.

Kubweza malume kunali ndi kantchito kena kakang'ono. Nditawayatsa ndinaona kuti chigamba chimodzi cha waya chinkadya m'mphepete mwa chipewa chawo, poti wayayo anadutsa pomwepo. Ndinaika masiki pa leya ya waya, n'kubisa kachigawo kameneko, n'kumatanso bwino mozungulira chipewacho. Zinanditengera mphindi zisanu. Mayi uja analipira ya pepala losindikizira yokha, ndipo fayilo ya PSD ija ndikusungabe, maleya ake onse asanu ndi limodzi ali momwemo.