Kasungidwe ka Makanema Osakonza Malo Akakhala Ochepa

Makanema ongochoka kumene mu kamera amadya malo ambiri. Kamera yojambula 4K pa mamegabiti 100 pa sekondi imadzaza magigabaiti 45 pa ola limodzi. Motero ukwati wojambulidwa kwa maola atatu umatenga magigabaiti 135, omwe ndi oposa theka la laputopu ya magigabaiti 256. N'chifukwa chake wojambula amayenera kudziwiratu kumene fayilo iliyonse ikakhale asanachotse khadi mu kamera.

Ntchito imayambira pa mayina. Makamera ambiri a Sony amatcha mafayilo C0001.MP4, C0002.MP4 motsatana, ndipo khadi ikafomatidwa manambalawo amatha kuyambiranso. Mafayilo awiri a dzina lofanana akakumana m'foda imodzi, yatsopano ikhoza kufufuta yakale. Pofuna kupewa zimenezi, khadi iliyonse imapatsidwa foda yake mkati mwa foda ya ntchito yonse:

```
2024-08-17_ukwati_Zomba/
  kameraA_khadi01/
  kameraB_khadi01/
```

Chaka chimayamba, kenako mwezi ndi tsiku, kuti kompyuta isanje yokha mafodawo kuyambira akale. Zonse za m'khadi zimakoperedwa momwe zilili, pamodzi ndi timafayilo tating'ono timene kamera imalemba. Ngati mayina a mafayilo akufunika kusintha, asinthidwe asanalowe m'pulogalamu yokonzera makanema. Akasinthidwa pambuyo pake, DaVinci Resolve imalephera kuwapeza ndipo imangoonetsa Media Offline.

Lamulo lalikulu n'lakuti fayilo iliyonse ikhale pa malo awiri osiyana. Kusamutsira makanema pa diraivi yakunja n'kuwafufuta pa laputopu kumangosintha malo, pakuti diraiviyo ikagwa pansi zonse zapita. Pa ukwati uja, magigabaiti 135 amapita koyamba pa diraivi yakunja, kenako pa laputopu ngati malo alipo. Malo akasowa, makhadi safomatidwa, amakhala ngati nkhokwe yachiwiri mpaka diraivi ina itapezeka. Apo laputopu imangosunga mapulokisi, omwe ndi makope opepuka ogwiritsa ntchito pokonza kanema.

Kukopera kukatha pamafunika kutsimikiza. Pa Windows, Properties imaonetsa chiwerengero cha mafayilo ndi kukula kwake, ndipo manambala a pa khadi ayenera kufanana ndi a pa diraivi. Akasiyana ndiye kuti china chatsala, mwina chifukwa chingwe chinagwedezeka kapena laputopu inazima pakati pa ntchito. Vuto lina limabwera ndi diraivi yofomatidwa mu FAT32, imene imakana fayilo yoposa magigabaiti 4. Ya exFAT imalandira mafayilo aakulu ndipo imawerengeka pa Windows ndi pa Mac pomwe.

Pomaliza, makanema angapo amatsegulidwa kuchokera pa diraivi kuti aoneke ngati akusewera mpaka kumapeto. Khadi imafomatidwa pokhapokha makope awiri atatsimikizika, ndipo diraivi sisungidwa m'chikwama chimodzi ndi laputopu, chifukwa wakuba amanyamula zonse pamodzi.