Nkhope Yochonderera ndi Nkhope Yosungunuka

Kankhope kamaso akuluakulu olengeza misozi, 🥺, kanavomerezedwa ndi bungwe la Unicode mu 2018. Ntchito yake ndi kufewetsa pempho. Mtsikana akalembera mkulu wake kuti “Achemwali, tandibwerekeniko nsapato zija 🥺”, mawuwo sakumvekanso ngati lamulo koma kunyengerera. Ena amakatumiza akakhudzidwa mtima, monga poona chithunzi cha khanda.

Kanzake, 🫠, kanabwera mu 2021. Kakumwetulira, koma kumunsi kakusungunuka ngati phula pamoto. Kamasonyeza manyazi, kutopa kapena kutentha kwa dzuwa, pamene munthu akuseka koma zinthu zitamuthina. Wophunzira amene watumiza uthenga wachikondi ku gulu la kalasi molakwitsa angolemba kuti “Ndadziyalutsa 🫠”, anzake n'kumvetsa.

Vuto limayamba pamene nkhani yakula. Wangongole akayankha ndi 🥺🥺🥺 m'malo motchula tsiku lobweza, mwini ndalama amaona kuti akumutseka pakamwa ndi chisoni chonamizira. Nako 🫠 pa uthenga wa maliro kapena matenda kamaoneka ngati chipongwe, chifukwa kumwetulira kuja sikuchoka. Kwa abwana, apongozi kapena ofedwa, mawu athunthu ndiwo amapereka ulemu woyenera.